Kaloko kaja sikanandifunse n'komwe kuti ndine ndani

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano. Kwa masabata atatu nkhani ya kaloko ka pa bulawuza yakhala ikundizunguza mutu chifukwa cha funso limodzi la m'mayeso oyeserera a kusukulu kwathu lomwe ndinalakwa kawiri konse. Funsolo linali lakuti, tsamba likaonetsa kaloko pafupi ndi adiresi, chomwe chatsimikizika n'chiyani? Ulendo woyamba ndinasankha yankho lakuti tsambalo ndi lodalirika. Ulendo wachiwiri ndinati ndachenjera, ndinasankha lakuti mwini wake wa tsambalo wafufuzidwa ndipo akudziwika. Onse awiri anali olakwa, ndipo ndinakwiya, chifukwa m'maganizo mwanga ndinkati ngati satifiketi ya tsamba, yomwe imachititsa kuti kalokoko kaoneke, sitsimikiza mwini wake, nanga ntchito yake ndi yotani?

Za makiyi awiri aja, wobisa ndi woonekera, komanso mmene bulawuza ndi seva zimagwirizanirana pa kiyi wa kanthawi, sindibwerezanso, tonse a m'kalasi mwathu tinadutsamo. Zimenezo ndinaziloweza bwinobwino koma funso lija linandigwetsabe. Chomwe chinanditsegula maso n'chakuti ndinakatenga satifiketi ndekha.

Ndili ndi kaseva koyeserera ndi dzina la domeni lomwe ndinalembetsa chaka chatha n'kungolisiya. Lachitatu usiku ndinalozetsa dzinalo ku sevayo, kenako ndinalemba lamulo limodzi ili. Dzina lenileni ndalisintha, apa ndaika lachitsanzo:

```
sudo certbot --nginx -d yesero.example.com
```

Ndinkayembekezera kuti penapake andifunsa chiphaso, kapena kalata ya kampani, kapena nambala ya foni. Ayi ndithu. Pulogalamuyo inangopempha imelo ndi kuti ndivomere malamulo a Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi aulere, ndipo mphindi imodzi isanathe satifiketi ya masiku 90 inali italowa. Nditatsegula tsambalo pa Firefox, kaloko kali poo, kofanana ndendende ndi komwe ndimaona pa tsamba la banki.

Ndinabwerera m'mbuyo kukaona chomwe chinachitika pa mphindi imeneyo, ndipo apa ndi pomwe zonse zinagona. Let's Encrypt inapereka timawu tachisawawa, certbot inayankha timawuto kuchokera pa seva yanga, pa njira yoyamba ndi `/.well-known/acme-challenge/`, kenako makina awo anabwera kudzera pa dzina langa lija kudzaona ngati yankho lilipodi. Atalipeza, anasaina. Mayeso onse anathera pomwepo. Funso lomwe anafunsa linali limodzi lokha: kodi amene akupempha satifiketiyu ali ndi ulamuliro pa dzina ili? Sanafunse kuti munthuyo ndi ndani, amagulitsa chiyani, kapena anaberapo anthu. Munthu wamoyo sanayang'anepo n'komwe, anali makina okhaokha.

Kenako ndinayang'ana m'kati mwa satifiketiyo:

```
openssl s_client -connect yesero.example.com:443 -servername yesero.example.com </dev/null | openssl x509 -noout -subject -issuer -dates
```

Pa mzere wa `subject` panali dzina la domeni basi. Dzina langa palibe, dziko palibe, kampani palibe. Pa `issuer` panali Let's Encrypt, ndipo `notBefore` ndi `notAfter` anaonetsa tsiku loyambira ndi lothera. Ndinakhala kaye chete n'kumangoyang'ana mzere woyambawo. Masabata onse aja ndinkaganiza kuti satifiketi imamangiriza tsamba kwa munthu, pomwe iyo imamangiriza kiyi ku dzina. Munthu mulibemo.

Kuti ndikhutire, ndinalemba katsamba kokhala ndi mutu wa banki yongopeka ndi timabokosi tiwiri, ka dzina ndi ka pasiwedi, n'kukonza kuti zolembedwazo zizisungidwa mu fayilo pa seva. Ndinalowa pa foni yanga ndikulemba pasiwedi yabodza. Kaloko kanalipo, chenjezo panalibe. Nditatsegula fayilo ija pa kompyuta, pasiwedi ili gwaa, chilembo ndi chilembo. Ndipo kalokoko sikananame ngakhale pang'ono. Pasiwediyo inayendadi yobisika kuchokera pa foni mpaka pa seva, palibe wapanjira amene akanaiwerenga kapena kuisintha. Inafika bwinobwino m'manja mwa mwini dzina. Kungoti mwini dzinayo ndinali ine, ndipo ndikanakhala wakuba, kalokoko kakananditumikira mokhulupirika chimodzimodzi.

Ndiye chomwe kaloko kakunena ndi ichi: ukulankhula ndi seva yomwe ili ndi kiyi wobisa wa satifiketi yolembedwa dzina lomwe lili m'bokosi la adiresi, satifiketiyo sinathe nthawi, inasainidwa ndi bungwe lomwe bulawuza yako imalikhulupirira, ndipo zomwe mukutumizirana sizingawerengedwe kapena kusinthidwa panjira. Si zazing'ono zimenezi. Pa netiweki ya anthu ambiri, popanda HTTPS, njira yobisira yomwe kaloko kamaimira, aliyense amene wakhala pakati akhoza kuona zomwe ukulemba, kapena kukuikira zake m'tsamba. Koma mphamvu yake imathera pa khomo la seva. Zikalowa m'kati, kaya akuzisunga osazibisa ngati mmene ndinachitira ine, kaya akuzigulitsa, kaya sevayo inathyoledwa mwezi watha, kaloko sikadziwa. Ngakhale chinsinsi cha panjiracho chili ndi malire. Mwini netiweki saona tsamba lenileni lomwe watsegula kapena zomwe walembamo, koma nthawi zambiri amaona dzina la webusayiti yomwe wapitako, chifukwa limatuluka poyera pa DNS, pomwe makina ako amafunsa komwe kuli seva ya dzinalo, ndi pa moni woyamba wa TLS, pomwe bulawuza ndi seva zikuyamba kugwirizana za kiyi.

Mawu akuti "dzina lomwe lili m'bokosi la adiresi" ndi omwe ndakhala ndikuwabwereza ngati nyimbo. Kaloko kamatsimikiza dzina lomwe lalembedwa pamenepo, osati dzina lomwe lili m'mutu mwako. Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi njira yanga, ndipo kunena zoona ndimaiona ngati yoposa malangizo ena onse omwe tinapatsidwa. Ndimapeza kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa `https://`, ndikuyamba kuwerenga dzinalo kuchokera pamenepo kubwerera kumanzere. Taonani adiresi iyi:

```
https://banki.example.com.lowani-pano.example/login
```

Diso likayambira kumanzere monga tinazolowera, limaona `banki.example.com` n'kukhutira, ndipo kaloko kali pambali kamangowonjezera chilimbikitso. Koma yambirani pa kamzere kali patsogolo pa `login` kaja, mubwerere. Mupeza `example`, kenako `lowani-pano`. Mwini tsamba ndi amene analembetsa `lowani-pano.example`, ndipo zonse zili kumanzere kwakezo ndi mayina omwe iyeyo angadzipangire mmene wafunira, popanda kupempha aliyense. Satifiketi ya dzina lalitalilo angaitenge pa mphindi imodzi yomwe ija, movomerezeka, chifukwa dzinalo ndi lakedi. Mayina ena amathera ndi zigawo ziwiri monga `co.uk`, pamenepo umawonjezera chigawo chimodzi, koma njira ndi yomweyo. Ndayesa pa mauthenga achinyengo onse omwe ndinawapeza mu imelo yanga, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene unapulumuka. Ndikanakhala ine wolemba silabasi, sabata yoyamba yonse ikanakhala ya zimenezi basi.

Apa ndiye pali kudandaula kwanga. Zolemba zomwe aphunzitsi athu anatipatsa zikunenabe kuti "onetsetsani kuti pali kaloko musanalembe pasiwedi", ndipo palibe chiganizo chachiwiri. Malangizowa anali ndi nzeru kale, pamene masatifiketi ambiri anali ogula ndipo masamba ambiri achinyengo sankavutika nayo. Koma Let's Encrypt inayamba kupereka masatifiketi aulere mu 2015. Ngakhale masatifiketi a EV aja, omwe amafufuzadi kampani ndipo ankaonetsa dzina lake pafupi ndi adiresi, Chrome ndi Firefox anasiya kuonetsa dzinalo pamenepo mu 2019. Mu 2023 Chrome 117 inachotseratu kaloko n'kuikapo kachizindikiro ka zosintha, ndipo a Google ananena okha kuti pa kafukufuku wawo wa 2021 anthu 11 okha pa 100 alionse ndi omwe ankamvetsa tanthauzo lenileni la kalokoko. Ndiye tikuphunzitsidwa kufunafuna chizindikiro chomwe ambiri mwa ife sitikuchionanso pa bulawuza yathu. Nditafunsa m'kalasi, anandiyankha kuti nthawi yatha, tidzazionera m'phunziro la chaka chamawa. Maola anayi tinawathera pa kuwerengera pamanja masamu a makiyi a RSA ndi manambala aang'ono, pomwe lamulo limodzi la certbot likanatenga mphindi zisanu. Sindikuti masamuwo ndi opanda ntchito, koma funso la m'mayeso lija silinali la masamu.

Pali gawo lina lomwe ndinalilumpha mwachangu pamwambapa, lakuti "bungwe lomwe bulawuza yako imalikhulupirira". Limeneli likundisowetsabe mtendere pang'ono. Mu 2011 anthu anathyola DigiNotar, bungwe la ku Netherlands lopereka masatifiketi, n'kutulutsa satifiketi yabodza ya mayina a Google yomwe inagwiritsidwa ntchito pozonda anthu ku Iran. Dzina m'bokosi la adiresi linali lolondola, choncho kuwerenga kwanga kobwerera kumanzere sikukanathandiza aliyense. Bungwelo linachotsedwa pa mndandanda wa okhulupirika ndipo linagwa chaka chomwecho, ndipo masiku ano masatifiketi amalembedwa m'kaundula wapoyera wa Certificate Transparency kuti yabodza izioneka msanga. Koma palinso njira ina yosafuna kuthyola aliyense. Pa kompyuta ya kuntchito, oyang'anira makina akhoza kuikamo satifiketi yawo yamuzu, yochititsa bulawuza kukhulupirira chilichonse chomwe iwo asaina, ndipo kuyambira pamenepo makina awo apakati amatsegula zonse, kuziwerenga, n'kuzitsekanso, kaloko kali chikhalire. Umazindikira pokhapokha utatsegula satifiketiyo ndikupeza kuti pa `issuer` pali dzina la kuntchito kwanu kapena la pulogalamu yoteteza ku mavairasi.

Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera limodzi nditamufotokozera njira yanga monyadira, anangolemba `rn` ndi `m` moyandikana pa foni yake n'kundionetsa chapatali. "Ndiye iwe, usiku, maso atatopa, uzisiyanitsa?" Ndinati inde, koma mumtima ndinakayika. Iye amadalira pulogalamu yosunga mapasiwedi, yomwe imakana kudzaza pasiwedi dzina la domeni likasiyana ngakhale ndi chilembo chimodzi, ndipo mwina akunena zoona kuti makina satopa ngati diso. Ine njira yanga sindinaitaye. Chomwe ndikulephera kupeza ndi chiganizo chimodzi choti ndikauze mayi anga, omwe ndinawaphunzitsa ndekha zaka zapitazo kuti aziyang'ana kaloko. Ndikawauza kuti kalibe ntchito ndiye kuti ndanama, ndipo akhoza kuyamba kunyalanyaza ngakhale chenjezo la `Not secure`, lomwe ndi lofunikadi kulimvera. Ndikawauza zonse ndalemba apazi, adzandisiya pa ndime yachiwiri. Mayeso ali Lolemba, funso lija tsopano ndilikhoza, koma la amayili ndikuliganizirabe.