Nambala ya mayi a kunyumba

Komiti ya ukwati wa mphwanga ku Chibavi inandisankha kukhala mlembi chifukwa ndili ndi laputopu. Ntchito inali yotumiza uthenga wokumbutsa onse amene analonjeza ndalama. Koma manambala aliyense analemba mwakemwake: wina `0999 xxx xxx`, wina `0888-xxx-xxx`, wina anayamba ndi `265`. Ena ziro wawo woyamba anasowa, poti Excel imamuchotsa ikaona ngati ndi chiwerengero.

Ine ndinati izi n'zochepa. Nambala ya foni ya m'manja kuno ku Malawi, ukachotsa ziro kapena 265, imatsala ndi manambala 9. Ndiye poyamba ndinasesa mipata, timizere ndi chizindikiro cha `+`, kenako n'kutenga 9 omalizira n'kuwaveka `+265` kumutu.

```
B2: =SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2," ",""),"-",""),"+","")
C2: ="+265"&RIGHT(B2,9)
```

Mndandanda unaima bwinobwino ngati ana a sukulu pa asembule. Ndinatumiza, n'kupita kukadya chipisi.

Madzulo kukubwera foni. Bambo wina wa mu komiti, mawu akunjenjemera: "Achimwene, mwandipha!" Iwowa analemba manambala awiri m'kabokosi kamodzi, yawo ndi ya mayi a kunyumba, pakati n'kuika `/`. Fomula yanga sidziwa za m'banja, inangotola 9 omalizira. Uthenga woti "tikukumbutsani K150,000 munalonjeza ija" unafikira mayi, amene sabata yonse ankauzidwa kuti ndalama ya feteleza palibe. Bambowo akuti anagona pa mpando.

Tisanapume, amalume a ku Joni anatumiza mawu kudzera kwa amayi kuti ngati sitikuwafuna tingonena. Nambala yawo imayamba ndi `+27`, ndipo nayonso ili ndi manambala 9 kumapeto. Fomula inawavula 27 n'kuwapatsa unzika wa Malawi, uthenga n'kupita kosadziwika. Ndipo ndiwo analonjeza ng'ombe, tangoganizani.

Usiku umenewo ndinawonjezera `=LEN(B2)` kuti ndiwerenge kutalika kwa nambala iliyonse ikasesedwa. Ikakhala 9, yangotaya ziro. Ikakhala 10, iyambe ndi 0. Ikakhala 12, iyambe ndi 265, chifukwa ya ku Tanzania ya 255 ndi ya ku Zambia ya 260 nazonso zimakwana 12, ndipo kuno ku Mzuzu amalonda opita ku Kyela sasowa pa mndandanda. Ya amalume inatuluka 11, ya bambo aja 21. Zoterezi fomula isazikhudze, umazikonza pamanja, mwinanso kuimbira mwiniwake.

Amalume ndinawapepesa, ng'ombe inabwera. Mayi aja anafika pa msonkhano wotsatira, n'kukhala kutsogolo, n'kupempha kuti kuyambira tsopano mauthenga onse a komiti azipita pa nambala yawo. Komiti inavomera, amuna awo ali chete.