Mavoti a masamba atatu, pa pepala

Mlongo wanga amatsogolera alendo okwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula, ndipo ndinamukonzera kawebusayiti ka masamba atatu. A ndi tsamba loyamba, B ndi losungitsira ulendo, C ndi la zithunzi za Sapitwa. Tsiku lina magetsi atazima ndinatenga pepala kuti ndione tsamba lomwe lili ndi mphamvu, potsatira PageRank, njira yoyezera mphamvu ya masamba a pa intaneti imene Larry Page ndi Sergey Brin, omwe anayambitsa Google, anafalitsa mu 1998 ali ku yunivesite ya Stanford.

Linki iliyonse ndi voti, koma mavoti salemera mofanana. Voti yochokera ku tsamba lamphamvu ndi yolemera, ndipo tsamba likaloza masamba awiri, mphamvu yake imagawidwa pawiri ngati chigumu.

Ndinayamba ndi kujambula mivi. A ankaloza B ndi C, B ankaloza C, C ankabwerera ku A. Tsamba lililonse ndinalipatsa 1, kenaka lamulo lopezera PR, kapena kuti mphamvu ya tsamba:

```
PR = 0.15 + 0.85 × (mavoti olandira)
```

0.85 ameneyu akuimira munthu amene nthawi zambiri amadina linki, koma mwa apo ndi apo amatopa n'kulumphira kwina.

Ulendo woyamba ndinalakwa. Nditaphatikiza mayankho ndinapeza 3.85, chikhalirecho masamba atatu ayenera kupereka 3. Ndinali nditaiwala kugawa voti ya A. Nditakonza, B analandira theka lokha napeza 0.575, C analandira 1.5 napeza 1.425, A anakhala pa 1. Pamodzi 3. Muziphatikiza nthawi zonse. Zikaposa, simunagawe. Zikaperewera, mwina pali tsamba losaloza kulikonse, limene likumeza mavoti osabweza.

Mayankhowo mumawalowetsanso m'lamulo lomwelo, mobwerezabwereza, mpaka manambala asiye kugwedezeka. Anga anakhazikika pa 1.16 kwa A, 0.64 kwa B, 1.19 kwa C.

Apa mpomwe ndinagwira pakamwa. Tsamba lobweretsa ndalama ndilo linali kumchira, popeza linkangodya theka la voti imodzi, pomwe zithunzi zinkavoteredwa ndi masamba awiri. Ndinaika linki pansi pa zithunzi yopita ku B, n'kuwerenganso. B anakwera kufika pa 1, C pa 1.30, koma A anatsika mpaka 0.70.

Mlongo wanga ataona anati, "Ndiye achimwene, tingoika malinki paliponse?"

Ndinamuonetsa kuti pamodzi pakadali 3 yemwe uja. Malinki a m'nyumba amangosuntha mphamvu, zimene B wapindula zachoka makamaka kwa A. Yoonjezera imabwera webusayiti ina ikatiloza, ndipo ngakhale zitatero Google imayang'ananso zinthu zina zambiri, monga mawu a patsambalo. Mawa lake anapita kukapempha eni loji ina imene alendo ake amagona kuti aike linki yopita ku B.