Mmene ndinakonzera nkhani ya Nc'wala kuti iwerengeke pafoni

Nkhani yanga yolengeza mwambo wa Nc'wala ndinailemba pakompyuta, ndipo ndinayamba ndi mbiri: momwe Angoni anawolokera mtsinje wa Zambezi mu 1835. Mkonzi wathu muno mu Chipata anaitsegula pafoni yake n'kundipatsa. "Achimwene, werengani osasuntha chala, mundiuze tsiku la mwambo." Tsikulo silinaoneke. Panali mutu wa mizere itatu, chithunzi chachitali, ndi chiganizo chimodzi chodukira pakati.

Choyamba ndinadula mutu. Mawu a Chichewa ndi aatali, moti mzere umodzi wa pafoni umanyamula mawu anayi kapena asanu basi. Ndinasiya wakuti "Nc'wala ichitika Loweruka ku Mtenguleni". Chithunzi choimirira ndinachichotsa n'kuika chopingasa, ndipo ndinachichepetsa kulemera, chifukwa kumidzi netiweki imavuta ndipo bandulo ndi ndalama.

Ntchito yaikulu inali pa ndime yoyamba. Ndinaganizira mayi ali m'minibasi yochokera ku Katete, foni ili m'dzanja limodzi, lina lagwira katundu. Iye akufuna kudziwa chimene chikuchitika, malo ndi tsiku. Choncho ndinalemba kuti Angoni adzasonkhana ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, pomwe Inkosi ya Makosi Mpezeni idzalawa zakudya zoyamba kucha. Chiganizo chachiwiri chinanena za kayendedwe, kuti amene atsekere nkhani pomwepo akhale atatolapo chomuthandiza. Maudindo a alendo olemekezeka ndinawatsitsa m'munsi. Ulemu sunachoke, koma ukandanda maudindo pamwamba, sikirini yonse imadzaza nkhani isanayambe.

Kenako ndinagawa ndime zina zonse kuti iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi, ziganizo ziwiri kapena zitatu. Apa pali msampha. Ukangodula paliponse, mawu monga "iye" kapena "izi" amatsala opanda mwini, ndipo wowerenga amene walumphira pakati sadziwa amene akunenedwa. Ndinabwereza dzina la munthu pachiyambi cha ndime iliyonse yotere.

Timitu ndinaika titatu. Poyamba ndinalemba "Mbiri" ndi "Zina", koma kamutu kotere sikauza munthu kanthu. Ndinasintha kukhala "Mmene mungafikire ku Mtenguleni", "Zimene zidzachitike tsikulo" ndi "Chiyambi cha mwambowu". Za 1835 zija zinapeza malo pansi pa kamutu komaliza, ndipo amene amakonda mbiri anazipeza mosavuta.

Ndisanatumize, ndinatsegula nkhaniyo pafoni yaing'ono ya mlonda wa paofesi, imene zilembo zake anazikulitsa chifukwa cha maso. Pa foni imeneyo tsiku linagwera kunsi kwa sikirini. Ndinasuntha mawu akuti "Loweruka lomaliza la Febuluwale" n'kuwaika kumayambiriro kwenikweni kwa chiganizo, ndipo bamboyo anawerenga tsiku ndi malo asanakhudze foni.