Mwana wa m'Disembala amene ndinamubadwitsa m'Epulo

Mtsikana wanga wachiwiri anabadwa pa 4 Disembala 2010. Tsopano ndimatha kunena tsikuli ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku, koma kuti ndifike pamenepa ndinapita ku ofesi ya ahedi katatu, ndi makalata atatu.

Atafika Sitandade 8, tsiku lina anabwera ndi kapepala kochokera kusukulu. Aphunzitsi ankakonzekera kutumiza mayina ku MANEB, ndiye anati kholo lililonse lione ngati dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa bwino. Ine ndinangoponyapo diso n'kuyamba kufunafuna cholembera kuti ndisaine. Mayi ake anandilanda pepalalo.

"Bambo ake, 12 Epulo ameneyu ndi mwana wa ndani?"

Ndinati ndi wathu yemweyu.

"Wangayo ndinamubereka mvula yoyamba itagwa, anthu akubzala. Wanu wobadwa chimanga chikuuma m'mundayu, mayi ake ali kuti?"

Nkhani inafuna kulowera kwina. Ndinakumbukira msanga kuti tsiku lokamulembetsa Sitandade 1 ndinapita ndekha, ndipo mayi akewo anandilembera manambala pa kachikatoni ka sopo: 4 ndi 12. Pamzere aphunzitsi atafunsa tsiku ndinati 12, atafunsa mwezi ndinati 4. Palibe amene anadabwa, chifukwa 12 Epulo ndi tsiku loti lilipo. Ndikanasokoneza 25 ndi 12 akanandigwira pomwepo, popeza mwezi wa 25 kulibe. Ana obadwa pakati pa 1 ndi 12 pamwezi ndiwo amagwa m'dzenje limeneli, makamaka akakhala ndi bambo ngati ine.

Ndinkaganiza kuti ndikangowauza ahedi pakamwa, atenga labala n'kufufuta. Iwo anandilandira bwino, koma anati kaundula wa sukulu sasinthidwa ndi mawu apakamwa. Pafunika kalata yosainidwa ndi kholo, yoti ikhale mufayilo, kuti wina akadzafunsa chifukwa chimene tsiku linasinthira pakhale choonetsa. Anandifotokozeranso kuti makolo ena amabwera kudzachotsera mwana chaka kapena kumuwonjezera, n'chifukwa chake pempho lotere salivomera popanda umboni.

Usiku umenewo ndinalemba masamba awiri. Ndinayamba ndi moni, ndinafunsa za banja lawo, ndinayamikira chitukuko cha mipanda yapasukulu, ndinafotokoza za kachikatoni ka sopo. Ahedi anawerenga mpaka kumapeto, anatembenuza pepala kuona ngati kuseri kwatsala zina, kenako anafunsa: "Bambo, mwanayo dzina lake ndani?"

M'masamba awiri onsewo ndinali nditangolemba kuti "mwana wanga wokondedwa".

Anatenga pepala n'kundilembera zofunika. Pamwamba keyala yanga ndi tsiku lolembera kalata. Kenako "Kwa Mphunzitsi Wamkulu" ndi dzina la sukulu. Kenako mutu wa mzere umodzi, wonena kuti ndi pempho lokonza tsiku lobadwa la wophunzira. M'kati, dzina lonse la mwana monga linalembedwera m'kaundula, osati lapakhomo, kalasi yake, ndi nambala imene anamupatsa polembetsa, chifukwa pasukulu yaikulu ana a dzina limodzi amatha kukhala angapo. Ndiyeno ziganizo ziwiri zimene zanyamula kalata yonse: tsiku limene lalembedwa ndi lakuti, tsiku lolondola ndi lakuti. Chiganizo chimodzi chonena mmene cholakwikacho chinachitikira, china chotchula umboni umene ndaphatikiza, basi. Siginecha, dzina langa, ubale wanga ndi mwanayo, nambala ya foni. Zonse zisadzadze tsamba.

Pa umboni anati wamphamvu kuposa wonse ndi chiphaso cha kubadwa chochokera ku NRB. Ngati palibe, buku lakusikelo limathandiza, chifukwa linalembedwa mwana ali wakhanda, pa nthawi imene palibe ankaganiza zomukonzera zaka. Khadi la ubatizo limangochirikiza. Mapepala akamatsutsana okhaokha, ndi pamene munthu amakalumbira kwa majisitireti n'kubwera ndi chikalata cha lumbirolo. Anati ndibweretse fotokope yoti itsale, koma buku lenilenilo ndinyamulenso kuti alione ndi maso.

Kalata yachiwiri inatuluka yaifupi, yooneka ngati yalembedwa ndi munthu wophunzira. Mabuku akusikelo kwathu amakhala m'jumbo imodzi pansi pa sutikesi, onse anafiira mofanana, zikuto zinanyenyeka. Ndinasolola limodzi m'mamawa osayatsa nyali, ndinadutsa pojambulitsa mapepala, ndinakafika mtima uli m'malo.

Ahedi anatsegula buku, anayang'ana kalata, anabwereranso pabuku. Anavula magalasi.

"Bambo, malingana ndi umboni wanuwu, mwana wanu wamkazi wa Sitandade 8 ndi mnyamata, ndipo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi."

Ndinali nditatenga buku la mlongo wake wamng'ono. Aphunzitsi awiri amene ankachonga makope pakona anaweramira pamakopewo, mapewa akugwedezeka. Ndisanatuluke ahedi anandionetsanso china. M'kalatamo ndinali nditalemba kuti tsiku lolakwika ndi 12/04/2010, lolondola ndi 04/12/2010. Anati zimenezo n'zoona, koma munthu wotopa amene akukopera mayina mazana atha kuona manambala omwewo n'kuganiza kuti palibe chasintha, kapena kuwatembenuzanso. Mwezi ulembedwe m'mawu: 4 Disembala 2010. Anandilangizanso kulemba makalata awiri ofanana, kuti imodzi adindepo chidindo cha sukulu ndi tsiku lolandirira, ndibwerere nayo kunyumba.

Chimene chinandithamangitsa ndi nthawi. Tsiku likakonzedwa mayina asanapite ku MANEB, nkhani imathera pa desiki ya ahedi. Likapita lolakwika, sukulu payokha singalisinthe, iyenera kulembera bungwelo, ndipo nkhani yaing'ono imasanduka ulendo. Komanso mwana akakwanitsa zaka 16 amakatenga chitupa cha unzika, ndiye tsiku lapachitupa likasiyana ndi la m'mapepala asukulu, adzakhala akufotokoza za kachikatoni ka sopo kulikonse kumene akafunsire malo.

Ulendo wachitatu mayi ake anati sindipita ndekha. Buku ananyamula okha, m'chikwama chawo, ine anangondipatsa envulopu. Ahedi anayerekeza buku ndi fotokope, anatulutsa kaundula wamkulu uja, anapeza mzere wa mwana wathu. Sanafufute kapena kupaka choyera chija. Anadula tsiku lakale ndi mzere umodzi woti likhoza kuwerengekabe, analemba latsopano pamwamba pake, anasaina pambali n'kuika tsiku. Anati chofufutidwa chimaoneka ngati chinyengo, chodulidwa chimaonetsa amene anakonza ndi liti. Anatumanso mwana kukaitana aphunzitsi a kalasi kuti akonze m'kaundula wawo ndi pamndandanda wa mayeso, chifukwa tsiku limakhala m'malo angapo ndipo kukonza pamodzi sikusintha penapo. Mayi ake sananyamuke mpaka ataona ndi maso awo Disembala m'malo onse atatu.

Titaimirira kuti titsanzike, ahedi anatsegula tsamba lina.

"Poti mwabwera nonse, mnyamata wanu wa Sitandade 4 uja anadzamulembetsa ndani?"

Mayi ake anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ine ndinakokanso mpando, n'kupempha ahedi ngati ali ndi pepala lina losalembapo.