Mwana anajambula zoona, malikisi tinamulanda

Sabata yathayi inathera pa kwizi ya bayoloje ya ana a mafomu a m'munsi, yomwe timapikisana ndi masukulu ena a mbali ya Highfield ndi Mufakose kuno ku Harare. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: choko cha mtundu umodzi, makina okopera mapepala alibe inki, ine ndikujambula mtsempha wa mumsana pabolodi mpaka mkono kuwawa.

Ndinawaphunzitsa njira ya rifulekisi poyambira pa dzanja logunda poto wotentha. Khungu limamva kutentha, nyuroni ya sensore, selo lonyamula uthenga wa zomwe thupi lamva, n'kutenga uthengawo kukalowa nawo mu mtsempha wa mumsana kudzera pa muzu wakumbuyo. M'katimo, m'chigawo chotuwa chooneka ngati gulugufe, uthenga umadumpha pa sinapusi, kampata ka pakati pa manyuroni awiri, kupita ku nyuroni yolumikiza, n'kudumphanso kupita ku nyuroni ya mota. Imeneyi imatulukira pa muzu wakutsogolo, kukakoka mnofu wopinda chigongono. Ubongo nawo umauzidwa, koma pomwe ululu ukumveka dzanja limakhala litachoka kale. Ndinawaumiriza kuti asanalembe dzina lililonse pa chojambula ayambe apeza kachotupa ka pa muzu wakumbuyo, ganguliyoni, chifukwa m'menemo ndi momwe mumakhala thupi la nyuroni ya sensore. Ukakapeza, mivi yonse imadzilongosola yokha: imalowa mbali ya kachotupako, imatuluka mbali inayo, ndipo sibwerera chifukwa mankhwala odutsitsa uthenga pa sinapusi amatuluka mbali imodzi yokha.

Lachinayi pepala litafika, funso lojambula silinali la dzanja ayi. Linati ana ajambule zomwe zimachitika dokotala akagogoda pansi pa chivundikiro cha bondo, mwendo n'kutayika kutsogolo. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, mdzukulu wa agogo ochokera ku Dedza, anajambula manyuroni awiri okha ndi sinapusi imodzi. Poyambira uthenga anaika m'kati mwa mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu, osati pakhungu. Ochonga anamuchotsera malikisi awiri: sanaike nyuroni yolumikiza, komanso akuti anaphonya pamene uthenga umayambira.

Mwanayo analondola zonse ziwiri. Kugogodako kumakoka mtsempha wolumikiza chivundikiro cha bondo ndi fupa la msongolo, ndiye mnofu wa ntchafu umatamuka pang'ono mwadzidzidzi. Tizingwe tomva kutamuka tomwe tili m'kati mwa mnofuwo ndi timene timatumiza uthenga. Nyuroni ya sensore ikalowa mumsana cha m'chiuno, pa L2 mpaka L4, imakumana mwachindunji ndi nyuroni ya mota, yomwe imabwerera ku mnofu womwewo n'kuukoka. Nyuroni yolumikiza ilipo ndithu, koma pa kanthambi kena, komwe ntchito yake n'kufewetsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu kuti isalimbane ndi kuwongoka kwa mwendo. Pa njira yomwe funso linafunsa palibepo.

Nditapempha kuona pepala la mayankho ndinapeza gwero lake. Wina anatenga mayankho a funso la dzanja ndi moto n'kuwamata pansi pa funso la bondo. Mawu akuti khungu anali akadali pompo! Ndinapita kwa mkulu woyendetsa kwiziyo, bambo wachikulire yemwe timalankhulana Chichewa tikakumana.

"Bambo, taonani, mayankhowa si a funso ili."

"Achimwene, pepalali linavomerezedwa kale. Pa msinkhu wa ana awa timaphunzitsa manyuroni atatu. Tikayamba kusintha pano tiweruka usiku."

N'zoona kuti pa msinkhu umenewu chitsanzo chozolowereka ndi cha manyuroni atatu. Ndiye akanafunsa za dzanja, kapena za phazi loponda munga. Amene anasankha bondo ndi iwo, ndipo ana omwe analoweza chithunzi chimodzi n'kuchitsanulira pa funso lililonse ndi amene anatenga malikisi onse. Palibe mphunzitsi wa bayoloje yemwe anaonetsedwa pepalalo lisanasindikizidwe, ati nthawi inachepa, chonsecho ndalama yolowera kwiziyi anaitolera mwezi watha.

Mtsikanayo anandipeza pakhonde, maso ali gwa. "Aphunzitsi, ndiye pa mayeso ndizilemba ziti?" Ndinamuuza kuti aziyamba waona chomwe chayambitsa. Ngati ndi kutentha kapena kubaya pakhungu, ajambule manyuroni atatu. Ngati ndi kugogoda pa bondo, awiri, ndipo alembe pambali kuti sensore ikukumana ndi mota mwachindunji, kuti wochonga aone kuti sanachite kuiwala.

Lachisanu ndinalemba kalata yodandaula, ndinaphatikizapo zojambula ziwirizo moyandikana, n'kukasiya ku ofesi. Akuti adzaiona pa msonkhano wa teremu ya mawa. Masana ndinali ndi Fomu 1, za maselo a anyezi, maikulosikopu imodzi kalasi yonse.