Lipoti la ulendo wa gulu lathu ku situdiyo ya makatuni: za animatiki ya mlonda ndi wakuba

Amene munatsala, nayi nkhani ya ulendo uja. Eni situdiyo anatilandira bwino, koma sanafune n'komwe kuona zithunzi zopaka utoto zimene wapampando wathu anazinyamula ngati mazira. Iwo anangofunsa mawu ndi sitolibodi, zithunzi zija zoyala nkhani motsatana. Tsiku lonse linathera pa chinthu chimodzi, kupanga animatiki ya kachigawo ka mlonda ndi wakuba, kaja takhala tikukangana kuti n'koseketsa kapena ayi.

Chifukwa chake chili m'masamu. Filimu yathu imayenda mafulemu 24 pa sekondi. Tikamajambula chithunzi chimodzi pa mafulemu awiri, ndiye zithunzi 12 pa sekondi, ndipo mphindi zitatu zimadya zithunzi 2,160. Animatiki imangofuna zithunzi za sitolibodi zokhwatchakhwatcha, zoikidwa pa nthawi yake limodzi ndi mawu ongoyembekezera. Nthabwala ikafa pamenepo, mwataya madzulo amodzi basi.

Anatiyambitsa ndi mawu. Tinajambula mkonono, mapazi ndi kuyetsemula pa foni, msungichuma ndiye analiza mkonono, ndipo palibe anadabwa ndi luso lake. Mawuwo tinawayala kaye mu Shotcut, pulogalamu yolumikizira makanema, zithunzi n'kubwera pamwamba. Musanaike kalikonse, onetsetsani kuti pulojekiti ili pa 24. Mukaisiya pa 30, mafulemu 48 amene mukuti ndi masekondi awiri amakhala sekondi 1.6, ndipo manambala onse opita kwa ojambula amasokonekera. Mafayilo tinawatcha `SC03_010.png`, `SC03_020.png`, kudumpha khumikhumi kuti chithunzi chatsopano chipeze malo pakati.

Nthabwalayo mukuidziwa. Wakuba akunyang'ama kudutsa mlonda ali m'tulo, pachitseko n'kuyetsemula, n'kuuma ndi mantha. Mlonda, osatsegula maso, amutambasulira kampango.

Poyamba dzanja la mlonda linkabwera mafulemu 4 chabe wakuba atangoyetsemula. Eni malo anaitana anzawo a chipinda china, osadziwa nkhaniyo, n'kutiuza kuti tiziyang'ana nkhope zawo, osati sikirini. Kunali zii. Mkonzi wa pamalopo anati oonera sanapatsidwe mpata woopa kuti mlonda adzuka, ndiye panalibe mantha oti kampangoko kawathetse. Apa ndi pamene panabuka mkangano. Mlembi ankati tiimitse chithunzi cha wakuba masekondi atatu, a gulu la zojambula ankati theka la sekondi lakwana, mpaka mawu anakwera. Mkonzi sanaweruze. Anangodula mitundu itatu, wa mafulemu 12, wa 36 ndi wa 72, n'kuonetsa anthu osiyana pa mtundu uliwonse, popeza munthu saseka kachiwiri mofanana ndi poyamba.

Pa 12 anthu anangomwetulira. Pa 72 maso awo anachoka pa wakuba kupita kwa mlonda, n'kuyamba kuyembekeza kuti achita kanthu, moti dzanja litabwera sanadzidzimuke. Pa 36, yomwe ndi sekondi ndi theka, ndi pamene chipinda chinaphulika. Mlembi akunenabe kuti wapambana ndi iye chifukwa 36 yaposa 12. Tamusiya.

Vuto lachiwiri silinali la nthawi. Mmodzi mwa oonera anafunsa kuti mlonda watambasula chiyani. Pachithunzi chotalikira, kampangoko kanali kadontho chabe. Tinaonjezera `SC03_045.png`, chithunzi chapafupi cha dzanja ndi kampango, mafulemu 16, kenako nkhope ya wakuba mafulemu 24 kuti kuseka kupeze potera. Mukadumphira chigawo china anthu akuseka, mawu otsatira samveka. Tinazimitsanso nyimbo pa nthawi yodikira ija n'kusiya mkonono wokha, chifukwa nyimbo inkabisa kuti zithunzizo zikugwira ntchito kapena ayi.

Chenjezo limodzi analibwereza. Chithunzi choima chimaoneka chochedwa kuposa mmene chidzaonekere chikamayenda, choncho anthu amadula mopyola. Kunyang'ama kwa wakuba tinakupatsa zithunzi zinayi m'malo mwa chimodzi, ndipo masekondi ake atatu anasiya kutopetsa. Koma kachigawo ka wakuba akusakasaka kiyi m'thumba kanatuluka konse. Anali masekondi asanu, zithunzi 60 zimene palibe adzazijambule, ndipo amene anakalemba sanatilankhule mpaka pobwerera.

Anationetsanso zipinda zawo zina ndi mmene amasungira mafayilo, zomwe mlembi walemba m'kope la gulu.

Zikomo kwa eni situdiyo potileza mtima, kwa mkonzi amene sanatope ndi phokoso lathu, ndi kwa amene anakumbukira kunyamula chingwe cha laputopu ulendo uno. Animatiki ya chigawo 3, cha mlonda ndi wakuba chija, tsopano yatsekedwa, ndipo manambala a mafulemu alembedwa pa chithunzi chilichonse. Wofuna kusintha abwere ndi mtundu wake wodulidwa kale, tidzauyese pa anthu osadziwa nkhaniyo. Msungichuma asaiwale kuti mkonono uja tiujambulanso pamalo opanda phokoso.