Lachitatu: funso lachisanu

Kuno ku Ngabu dzuwa la mu Okutobala silichita masewera. Pofika 10 koloko m'kalasi munali ngati mu uvuni, ndiye ana a Sitandade 8 ndinatuluka nawo kukakhala pansi pa mtengo wa nimu, bolodi laling'ono titalitsamiritsa pa thunthu.

Ndinawabwezera mapepala a dzulo. Funso lachisanu linali loti adzaze mpata mu "Would you like ___ water?" ndipo pafupifupi kalasi yonse inalemba "any". Sindinawakalipire, popeza anangotsata lamulo lomwe analoweza m'makalasi am'mbuyo: "some" pa chiganizo chovomereza, "any" pa chokana ndi pa funso. "I have some maize." "I don't have any maize." "Do you have any maize?" Lamulolo ndi loona ndithu, kungoti silifika ponseponse.

Mtsikana wina wa ku Miseu Folo, amene salola chinthu kumudutsa, anaimika dzanja. "Aphunzitsi, nanga si kumapetoko kuli chizindikiro cha funso? Mwatichongera bwanji kuti talakwa?"

M'malo momuyankha ndinatenga chigubu changa ndi kapu. Poyamba ndinaloza kumjigo, komwe kuchokera pamtengopo sikuoneka, n'kufunsa kuti "Is there any water at the borehole?" Apa sindikudziwa ngati madzi akutuluka kapena mjigo wafanso. Yankho likhoza kukhala inde, likhoza kukhala ayi, n'chifukwa chake pali "any". Kenaka ndinathira madzi m'kapu n'kumupatsira mtsikanayo: "Would you like some water?" Madzi ali m'manja mwanga, tonse tikuwaona. Sindikufufuza ngati alipo, ndikumupatsa, ndipo ndikuyembekeza kuti alandira. Chiganizocho changovala malaya a funso chifukwa cha ulemu. Kupempha nakonso n'chimodzimodzi. Mchere ukakhala pamkeka pomwepo umati "Can I have some salt?" koma ukapita kukapempha kwa anansi osadziwa ngati ali nawo, "Do you have any salt?" ndiyo yoyenera.

Ndinawauza kuti asanadzaze mpata azidzifunsa chinthu chimodzi: wolankhulayu sakudziwa ngati chinthucho chilipo, kapena akupereka kaya kupempha chomwe akuchiona? Chizindikiro cha funso achisiye kaye. Eni chiyankhulo nthawi zina amati "Would you like any more?" ndipo palibe amawadzudzula, koma zimenezo sindinawauze lero. Pa mayeso a MANEB mwana akaona "Would you like" kapena "Can I have", alembe "some" apitirire.

Titabwera kopuma tinalowa mu "much" ndi "many". Pa mbuzi ndi thonje sitinachedwepo: mbuzi zimawerengeka, ndiye "How many goats?", thonje limayezedwa pa sikelo, ndiye "How much cotton?" Pomwe panavuta ndi pa ndalama. Ife timati "ndalama zingati?" monga momwe timanenera "mbuzi zingati?", ndiye mwana amalemba "How many money?" mtima uli m'malo. Mnyamata wina anachita kutulutsa K200 m'thumba. "Aphunzitsi, ndalama sitiwerenga kodi?" Timawerengadi, koma m'Chingerezi chomwe chimawerengedwa ndi mapepala ndi zitsulo, osati mawu akuti "money". Ndinamuuza ayese kuika nambala kutsogolo. "Three goats" zikumveka, "three moneys" sizikumveka. Nambala ikakana, mawuwo ndi a "much". Chimanga nacho chimakana nambala mpaka utachithira m'matumba: "How much maize?" koma "How many bags of maize?" Anaseka, koma pa ziganizo zomwe ndinawapatsa pambuyo pake ambiri anakhoza.

Panatsala kanthu kena komwe mabuku athu amangokadumpha. "Much" amakhala bwino pa funso ndi pokana, koma "I have much money" imamveka youma. Anthu amati "a lot of money". "Much" akakhala ndi "too" kapena "so" kutsogolo ndiye alibe vuto. Ndinawapempha kuti apange ziganizo zawo, ndipo mwana wina, amene banja lake linathawa madzi a namondwe Freddy mu 2023, analemba kuti "There was too much water and many houses fell." Ndinamuchongera, n'kulemba chiganizocho pabolodi kuti anzake akopere, chifukwa mawu onse awiri akhala pamalo pake.

Madzulo ndachonga makope ndili pakhonde, udzudzu ukundidya miyendo. Zomwe ndapeza n'zakuti ena tsopano apitirira malire, akulemba "some" pa funso lililonse, mpaka "Are there some crocodiles in the Shire?" Mawa ndiyambira pamenepo, ndisanawaonetse kuti "never", "hardly" ndi "without" nawonso amafuna "any" ngakhale "not" palibe.